Tifunse ana angati? Kuyerekeza katemera wa maboma awiri

Gulu lina la aphunzitsi amene akuphunzira ntchito linatibweretsera kafukufuku wawo wa phunziro la masamu. Anayang'ana makadi akusikelo a ana 50 m'boma lina ndi ana 50 m'boma loyandikana nalo, kuti aone amene analandira katemera wa chikuku. M'boma loyamba anapeza ana 40, m'boma lachiwiri ana 35. Anasandutsa manambalawa kukhala 80 pa zana ndi 70 pa zana, ndipo pansi pake analemba kuti boma lachiwiri latsalira m'mbuyo. Masamu awo anali olondola, koma chiganizo chomalizacho chinalibe mwendo woimapo. Kusiyana konseko kunali kwa ana asanu okha, ndipo ana asanu akhoza kugwera mbali iyi kapena iyo mwangozi, ngakhale maboma awiriwo atakhala ofanana ndendende.

Funso limene gululi linayenera kuyankha lisananyamuke ndi ili: kodi tiyenera kuona ana angati m'boma lililonse kuti kusiyana kumene tikufunafuna, ngati kulipodi, kuoneke? M'phunziro lino tiyankha funsoli ndi chitsanzo chimodzi. Titenga maboma a Angonia ndi Tsangano a m'chigawo cha Tete chifukwa ambiri mumawadziwa, koma manambala onse a katemera amene tigwiritse ntchito ndi ophunzirira chabe, si ochokera ku zipatala za mabomawo.

Zimene nyemba zimationetsa

Musanalembe chilichonse pabolodi, chitani izi ndi anzanu, ndipo tsiku lina mudzachite ndi ana a makalasi apamwamba. Tengani matumba awiri. M'thumba lililonse thirani makapu atatu a nyemba zoyera ndi kapu imodzi ya nyemba zofiira za msinkhu wofanana, kenaka sakanizani bwino. Nyemba yoyera ndi mwana wolandira katemera, yofiira ndi wosalandira. Matumba awiriwa ndi maboma ofanana, lililonse lili ndi 75 pa zana. Munthu mmodzi atape nyemba 20 m'thumba loyamba osayang'ana, wina atape 20 m'thumba lachiwiri. Werengani zoyera, lembani, bwezerani nyembazo, sakanizani, ndi kubwereza mpaka kakhumi kapena kupitirira.

Mudzaona kuti ulendo wina mupeza 16 ndi 14, wina 13 ndi 17, wina 15 ndi 15. Nyemba ziwiri mwa 20 ndi 10 pa zana. Masamu amasonyeza kuti pa maulendo oposa theka, matumba ofananawa adzasiyana ndi nyemba ziwiri kapena kuposa. Palibe thumba limene lasintha. Kusiyanako kwabadwa ndi dzanja lotapa. Mukachulukitsa zotapazo kufika pa 100, kudumphadumpha kumachepa, koma sikutha.

Pophunzitsa m'Chinyanja, ife timatcha nyemba zotapidwazo gulu loimira, chifukwa likuimira thumba lonse. Mayi akamalawa mchere m'ndiwo samwa mphika wonse. Amavundula n'kulawa pang'ono. Fanizoli ana amalimva msanga, ndipo limaphunzitsa chinthu chimene akuluakulu ambiri amachikana poyamba: kukula kwa mphika sikusintha kukula kwa cholawira. Boma la ana 5 000 ndi boma la ana 15 000 amafuna gulu loimira lofanana, kapena losiyana pang'ono kwambiri. Koma fanizoli lili ndi polekezera. Msuzi wovundula umafanana paliponse, pamene ana safanana, ndipo ife sitikulawa mphika umodzi. Tikufuna kudziwa ngati mphika uwu uli ndi mchere wochepa kuposa uwo, ndipo kulawa kulikonse mwa kuwiriko kuli ndi cholakwa chake. Zolakwa ziwirizo zimaphatikizana. N'chifukwa chake kuyerekeza kumafuna ana ambiri kuposa kuyeza boma limodzi.

Zinthu zinayi zoti tigwirizane tisanawerenge

Palibe nambala imodzi yokwanira kafukufuku aliyense. Nambala imatuluka m'zosankha zathu, ndipo zosankhazo ndi zinayi.

Choyamba ndi gawo limene tikuyembekezera m'boma limodzi. Izi timazitenga ku kafukufuku wakale kapena ku zolembedwa za achipatala. Tinene kuti ku Angonia tikuyembekezera ana 80 pa zana a miyezi 12 mpaka 23 kukhala atalandira katemera woyamba wa chikuku. Timasankha msinkhu umenewu chifukwa katemerayu amaperekedwa mwana akakwanitsa miyezi 9, choncho mwana wa chaka chimodzi anali ndi mpata wokwanira.

Chachiwiri ndicho chovuta kwambiri, ndipo si cha masamu: kusiyana kochepetsetsa kumene sitikufuna kuti kutiphonye. Wopereka yankho ndi amene adzagwiritse ntchito zotsatira. Ngati akuluakulu a zaumoyo angasamutse galimoto ya katemera woyendayenda pokhapokha boma lina litatsalira ndi ana 10 pa zana, ndiye kuti nambala yathu ndi 10. Tikuyerekeza tsono 80 ndi 70.

Chachitatu ndi chachinayi ndi njira ziwiri zolakwira. Tikhoza kulengeza kuti maboma akusiyana pamene sakusiyana, monga mmene matumba a nyemba aja angatinamizire. Mwambo wa ofufuza ndi kulola cholakwa chotere ka 5 pa kafukufuku 100 aliyense, ndipo nambala imene imayenda ndi chosankha chimenechi ndi 1,96. Tikhozanso kulephera kuona kusiyana kumene kulipo. Mwayi wakuti kafukufuku aone kusiyana kwenikweni timautcha mphamvu ya kafukufuku. Ambiri amasankha mphamvu ya 80 pa zana, ndipo nambala yake ndi 0,842. Taganizirani tanthauzo lake: ngakhale titachita zonse bwino, ulendo umodzi pa maulendo asanu tidzabwerera tikunena kuti sitinapeze kusiyana, pamene ana a boma lina atsaliradi. Amene akuona kuti zimenezi n'zochuluka asankhe 90 pa zana, nambala yake 1,282, ndipo akonzekere kuyenda makomo ambiri.

Kuwerenga kwake

Magawo timawalemba monga manambala a kachigawo: p1 = 0,80 ndi p2 = 0,70. Pakati pa awiriwa pali p = 0,75, ndipo kusiyana kwawo ndi d = 0,10. Chilembo n chikuimira ana a boma limodzi. Chizindikiro √ chikutanthauza muzu, ndiye kuti nambala imene ikachulukitsidwa ndi iyo yokha imabala imene ili mkatimo. Foni iliyonse yokhala ndi chowerengera imaupeza.

```
n = [1,96 × √(2p(1 − p)) + 0,842 × √(p1(1 − p1) + p2(1 − p2))]² ÷ d²
```

Chikuoneka chachitali, koma ndi zidutswa ziwiri zophatikiza. Chidutswa choyamba chikuyeza kudumphadumpha kumene kungakhalepo maboma atakhala ofanana. Timachulukitsa 2 × 0,75 × 0,25 n'kupeza 0,375. Muzu wake ndi 0,6124, ndipo tikauchulukitsa ndi 1,96 tipeza 1,2003. Chidutswa chachiwiri chikuyeza kudumphadumpha maboma atakhala osiyana monga tikuganizira. Ku Angonia 0,80 × 0,20 ndi 0,16, ku Tsangano 0,70 × 0,30 ndi 0,21, pamodzi 0,37. Muzu wake ndi 0,6083, ndipo tikauchulukitsa ndi 0,842 tipeza 0,5122.

Tikaphatikiza zidutswa ziwirizi tipeza 1,7125. Nambala imeneyi tiichulukitse ndi iyo yokha: 2,9327. Pomaliza tigawe ndi 0,10 × 0,10, amene ndi 0,01. Yankho ndi 293,3. Nthawi zonse timakwezera m'mwamba, choncho tikufuna ana 294 ku Angonia ndi ana 294 ku Tsangano, onse pamodzi 588. Pa mapepala amene timachonga, cholakwa chimene chimabwera kawirikawiri ndi kutenga 294 monga chiwerengero cha maboma onse awiri n'kuchigawa pakati. Chinanso ndi kusakaniza kalembedwe, kulemba p monga 0,75 koma d monga 10. Mukapeza yankho losakwana mwana mmodzi, yang'anani pamenepo.

Pali njira yachidule yoyesera yankho lanu pamtima, imene imagwira pa zosankha za 5 ndi 80 zomwezi: n ≈ 16 × p(1 − p) ÷ d². Pa chitsanzo chathu 16 × 0,1875 ÷ 0,01 ndi 300, amene ali pafupi ndithu ndi 294.

Tsopano tibwerere kwa anzathu a ana 50 aja. Tikatembenuza masamu omwewa, timapeza kuti mphamvu ya kafukufuku wawo inali pafupifupi 21 pa zana. Kusiyana kwa 80 ndi 70 kukanakhala koona, akanakutsimikizira kamodzi kokha pa maulendo asanu. Ndipo pali njira yodziwira vutoli ngakhale kafukufuku atatha. Gawani 0,37 uja ndi 50, pezani muzu, chulukitsani ndi 1,96: mupeza pafupifupi 0,17. Kusiyana kumene anapeza ndi 10, koma kukhoza kulakwika ndi 17 mbali iliyonse. Choonadi chikhoza kukhala paliponse kuyambira pakuti boma loyamba likutsogola ndi 27, kufika pakuti boma lachiwiri ndilo likutsogola ndi 7. Malire a cholakwa akakula kuposa kusiyana kumene mwapeza, simunganene kuti maboma akusiyana. Simunganenenso kuti akufanana. Chimene munganene n'chakuti ana amene munaona anali ochepa.

Mtengo wa kusiyana kochepa

Yang'anani pansi pa chiwerengero chija. Pali d², osati d. Kanthu kakang'ono kameneka ndiko kamalamulira ndalama, mafuta ndi masiku a kafukufuku yense. Tikafuna kuona kusiyana kwa 80 ndi 60, ana 82 m'boma lililonse akwanira. Kwa 80 ndi 70 tapeza 294. Kwa 80 ndi 75 tikufuna pafupifupi 1 100. Kusiyana kukachepa ndi theka, ana amachuluka pafupifupi kanayi.

Apa m'pamene pamakhala chiyeso. Munthu ali ndi ndalama zofikira ana 80 okha, ndiye amalemba kuti akufuna kuona kusiyana kwa 20 pa zana, kuti masamu amuvomereze. Papepala zonse zimaoneka bwino. Koma ngati maboma oyandikana, olankhula chinenero chimodzi, olandira katemera kuchokera kumalo amodzi, amasiyana ndi 8 kapena 10 okha, kafukufuku wotere wangokonzedwa kuti asaone kanthu. Ife timaona kuti n'kwabwino kunena poyera kuti ndalama zilipozi sizingayankhe funsoli, n'kusintha funso, kusiyana n'kusintha d.

Malo amene magawowo ali amasinthanso nambala, ngakhale osati kwambiri chotere. Kusiyana kwa 10 komweko kumafuna ana 388 pakati pa 50 ndi 60, koma pafupifupi 200 pakati pa 80 ndi 90, chifukwa p(1 − p) amakula kwambiri pa theka. Amene alibe poyambira pena paliponse atenge magawo apafupi ndi 50, kuti asapereweze. Kukweza mphamvu kufika pa 90 kumasandutsa 294 wathu uja kukhala pafupifupi 390.

Ana a mudzi umodzi amafanana

Nambala ya 294 yatsamira pa chinthu chimene sichichitika kumudzi: kuti tili ndi mndandanda wa ana onse a m'boma ndipo tasankha aliyense payekha mwa maere. Zikanatero, bwenzi tikuyenda makilomita ambiri kufuna mwana mmodzi kuseri kwa phiri. Chimene ofufuza amachita ndi kusankha midzi mwa maere, n'kuona ana angapo m'mudzi uliwonse. Ulendo umachepa, koma pali cholipira.

Ana a mudzi umodzi amayenda mtunda umodzi kupita kuchipatala, amawoloka mtsinje umodzi, ndipo tsiku limene akatemera oyendayenda alephera kufika, onse amaphonya pamodzi. Mukaona mwana woyamba ndi wachiwiri alibe katemera, wachitatu sakukuuzani zachilendo kwenikweni. Ana asanu ndi awiri a mudzi umodzi sanena zambiri monga ana asanu ndi awiri a midzi yosiyana. Pofuna kubwezera zotayikazo timachulukitsa n ndi nambala imene tiitche chochulukitsira cha midzi:

```
D = 1 + (m − 1) × ρ
```

Apa m ndi ana amene tikuona m'mudzi uliwonse, ndipo ρ ndi muyeso wa kufanana kwa ana a mudzi umodzi, kuyambira 0 pamene mudzi ulibe kanthu kochita nazo, kufika 1 pamene ana onse a mudzi ali chimodzimodzi. Tikatenga m = 7 ndi ρ = 1/6, tipeza D = 2. Ana 294 asanduka 588 m'boma lililonse, ndiye kuti midzi 84 ya ana 7. Tikati tichepetse midzi poona ana 19 pamudzi, D akwera kufika pa 4, ana akhala 1 176, ndipo midzi ingotsika kufika pa 62. Ndipo pali denga: ρ akakhala 1/6, mudzi umodzi sungatiuze zoposa zimene ana 6 osankhidwa payekhapayekha angatiuze, ngakhale titaona ana onse a m'mudzimo. Midzi yambiri ya ana ochepa imaposa midzi yochepa ya ana ambiri.

Ambiri a zaumoyo amadziwa njira yakale ya Bungwe Loona za Umoyo Padziko Lonse ya midzi 30 ndi ana 7, onse 210. Njirayo inakonzedwa kuti iyeze katemera wa dera limodzi, molakwika ndi 10 pa zana mbali iliyonse. Sinakonzedwe kuti iyerekeze madera awiri. Tikagawa 210 ndi D = 2 timatsala ndi ana 105, ndipo mphamvu yoonera kusiyana kwa 80 ndi 70 imakhala pafupifupi 39 pa zana. Mukadzaona malipoti awiri otere ataikidwa pamodzi, wina n'kumanena kuti boma ili laposa ilo, funsani za malire a cholakwa musanavomere.

Chotsala ndi makomo opanda anthu. Nthawi yokolola kapena tsiku la msika mudzapeza zitseko zotseka, ndipo makolo ena adzakana. Ngati tikuyembekezera kutaya 10 pa zana, timagawa ndi 0,90: 588 ÷ 0,90 ndi 653,3, choncho 654. Kuwonjezera 10 pa zana pamwamba pa 588 kumapereka 647, amene akataya gawo lakhumi amatsala 582, osakwana. Nambala yathu yomaliza ndi ana 654 m'boma lililonse, onse 1 308. Tachoka kutali ndi 50.

Zimene kuchuluka sikungakonze

Masamu onsewa amateteza ku cholakwa cha mwangozi chokha. Ngati taima pakhomo pa chipatala ku Ulongwe n'kumayang'ana makadi a amayi obwera kusikelo, tidzapeza katemera wokwera kwambiri, chifukwa amene sabwera ndiwo tikuwafunawo. Tikafunsa amayi 2 000 pamalo amenewo tidzangolakwa molimba mtima. Chimodzimodzi ngati midzi yosafikika nthawi ya dzinja taichotsa pa maere m'boma limodzi koma osati m'linzake. Ndipo ngati ku boma lina tawerenga makadi okha, pamene ku linzake tavomerezanso mawu a mayi amene khadi lake linatayika, kusiyana kumene tipeze kudzakhala kwa kafunsidwe kathu, osati kwa ana. Maboma awiriwa ali m'malire ndi Malawi, ndipo mwana akhoza kukhala ndi khadi la tsidya lina. Lamulo la mmene tiwerengere khadi lotere liyenera kukhala limodzi ndi lolembedwa tisanayambe. Funso lenilenilo lifunsidwe ndi mawu amodzimodzi a Chinyanja konsekonse. Mayi akafunsidwa ngati mwana anabayidwa, adzavomera pokumbukira jakisoni aliyense. Akafunsidwa za katemera wa chikuku wa pa miyezi 9, adzaganiza kaye.

Ntchito

Funso lomweli mudzakumana nalo m'ntchito yanu, pamene wina adzafuna kudziwa ngati ana ophunzira m'zinenero ziwiri amawerenga bwino kuposa ophunzira m'Chipwitikizi chokha. Tiyerekeze kuti m'makalasi a mtundu wina ana 40 pa zana amawerenga ndime n'kuyankha mafunso ake, ndipo tikufuna kuona ngati m'makalasi a mtundu winawo afika 55. Gwiritsani ntchito 1,96 ndi 0,842 kupeza n. Muyenera kupeza 173. Kenaka kumbukirani kuti kalasi ili ngati mudzi, popeza ana ake ali ndi mphunzitsi mmodzi ndi mabuku amodzi. Tengani ρ = 0,2. Pezani D, chiwerengero cha ana ndi cha makalasi ngati tiyesa ana 25 pakalasi, kenaka bwerezani ngati tiyesa ana 6 okha pakalasi. Pomaliza lembani ndime imodzi m'Chinyanja, yopanda chizindikiro chilichonse cha masamu, yofotokozera mkulu wa sukulu chifukwa chimene kuyerekeza kalasi imodzi ya pasukulu pake ndi kalasi imodzi ya sukulu yoyandikana nayo sikungayankhe funsoli. Ndimeyo mudzaiwerenga pamaso pa anzanu pa phunziro lotsatira.